Kalata yopempha livi yosamalira mwana wodwala

Wodi ya ana,
Chipatala chachikulu cha Chipata,
Lolemba, 19 Januwale 2026.

Kwa a Jere,
Manijala wa sitolo ya mbewu ndi feteleza,
Chipata.

Abwana,

KUPEMPHA LIVI YA MASIKU 5 KUTI NDISAMALIRE MWANA WANGA WODWALA

Ndine Tisauke Banda, wosunga katundu wa kumosungira. Ndikupempha kuti mundilole kusabwera kuntchito kuyambira lero Lolemba, pa 19 Januwale, mpaka Lachisanu pa 23 Januwale 2026. Mwana wanga Dalitso, wa zaka 3, wagonekedwa muno ndi malungo aakulu. Kalata ya dokotala sindinaitenge, koma ndikulonjeza kuti ifika pa tebulo panu Lachitatu pa 21 Januwale, musanaweruke.

Pepani ndi zolemba zokhotakhota. Ndikulembera pabondo, m'mphepete mwa bedi, ndipo pepalali ndang'amba m'kabuku ka mlongo wake wa Dalitso.

Mukumbukira kuti Loweruka ndinakupemphani kuweruka masana, ndinati mwana watentha thupi. Kunena zoona, kutenthako kunayamba Lachinayi usiku. Ine ndinayesa ndi chimfine cha mvulayi, ndinangompatsa panado n'kumusiya ndi anzanga oyandikana nawo nyumba, chifukwa Lachisanu tinali ndi lole ya feteleza yoti titsitse. Pamenepo ndinalakwa ndine. Loweruka masana nditapita naye ku kiliniki ya kwathu, anam'baya chala napeza malungo, ndipo anatipatsa kowatemu. Mankhwala oyamba anasanza pasanathe ndi nthawi yomwe, obwereza anasanzanso. Cha m'ma 10 koloko usiku anauma thupi, maso kutembenuka, manja kugwedezeka, ndikamuitana osayankha. Abwana, zimenezi ndinkangozimva kwa anzanga. Mnyamata wa njinga yamoto wa pafupi nafe ndiye anatinyamula, mvula ikugwa, ine nditam'bereka kumbuyo n'kumufunditsa chitenje chachiwiri. Tinafika kuno usiku womwewo ndipo anatilandira mwamsanga.

Anamuika dilipi, nayamba kumubaya mankhwala a malungo odzera mumtsempha, otchedwa atesuneti. Anasi anandifotokozera kuti jekeseni zitatu zoyamba zimatalikirana maola 12: yoyamba inali pakati pa usiku wa Loweruka, yachiwiri Lamlungu masana, yachitatu usiku wathawu. Akayamba kumeza osasanza, adzamubwezera pa kowatemu wa masiku 3, kumwa kawiri pa tsiku, ndipo akuti asadumphe ngakhale kamodzi. Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa ndi magazi. Dokotala anayang'ana m'zikope ndi m'zikhatho zake, nati zayera, malungowa amudya magazi. Amupimanso lero kapena mawa kuti aone ngati afunika kumuonjezera kapena ayi.

M'mawa uno watsegula maso, wandiitana, wamwako phala masipuni 4. Ndathokoza Mulungu. Koma sangakhale yekha ngakhale kwa kanthawi kochepa. Akadzidzimuka amalimbana ndi kachubu ka padzanja kuti akazule, ndiye dzanjalo ndimaligwira ine usiku wonse. Kumudyetsa, kumusintha zovala akasanza, kuthamangira anasi thupi likatenthanso, zonsezi ndi ntchito za womudikirira, ndipo aliyense wa ife muno ali pa bedi la mwana wake.

Mwina mufunsa ngati palibe wina wondilandira. Ndinayesa. Atate ake a Dalitso amayendetsa lole, ananyamuka Lachitatu kupita ku Lusaka ndi Kitwe, ndipo abwana awo akuti sangabwerere Lachisanu lisanafike. Amayi anga ali kumudzi ku Chadiza, miyendo yatupa, ndiponso ndi iwo amene akusunga ana a malemu achemwali anga. Mng'ono wanga Misozi ndiye wabwera kuchokera ku Mchini, koma ali ndi khanda la miyezi 4 loyamwa, sangagone nalo m'wodi ya odwala. Iye akugona kunyumba kwanga ndi mwana wamkulu wa giredi 5, natiphikira chakudya n'kutibweretsera. Ndi iyeyo amene wakupatsirani kalata ino.

Tsopano za kalata ya dokotala. Ndikudziwa kuti lamulo la zantchito la 2019, pa gawo 40, limalola wantchito amene wagwira miyezi 6 kapena kuposerapo kutenga masiku osapitirira 7 pa chaka, olipidwa, kuti asamalire mwana, mwamuna, mkazi kapena wina womudalira akadwala. Ndikudziwanso kuti lamulo lomwelo limakupatsani mphamvu yofuna kuona kalata ya dokotala musanavomere. Choncho sindikubwera ngati wodzalamula, ayi. Ndikupempha kuti mundikhulupirire masiku awiri okha. Dzulo ndinawapempha dokotala poyendera odwala, ndipo anandiyankha bwino. Anati ayambe aona zotsatira za magazi ndi mmene mwana alandirire mankhwala akumwa, kuti akamalemba alembe zenizeni: tsiku logonekedwa, matenda ake, ndi masiku amene afunika kusamalidwa. Tinagwirizana Lachitatu m'mawa. Ikangosainidwa n'kudindidwa, ndidzaijambula pa foni n'kukutumizirani nthawi yomweyo, ndipo pepala lenilenilo Misozi adzabwera nalo masana ake. Pakadali pano ndamangirira kumbuyo kwa kalata ino kope la kapepala ka kukiliniki, kokhala ndi dzina la mwana ndi deti ya Loweruka. Sikalowa m'malo mwa kalata ya dokotala, koma muonepo poyambira.

Ndapempha masiku 5, osati onse 7, mwadala. Chaka changoyamba kumene ndipo mvula ikadalipo, ndiye awiriwo ndiwasunge. Ndinayamba ntchito kwa inu mu Malichi 2021, ndipo livi ya mtundu uwu ndinaitengapo kamodzi kokha, masiku 2, mu 2023. Mukhoza kuona m'failo yanga. Ndipempha kuti a Nyirenda a ku maakaunti alembe masikuwa ngati osamalira wodwala, asachotse pa livi yanga ya pachaka, pakuti lamulo limasiyanitsa ziwirizi.

Chimene chikundichititsa manyazi ndi nyengo imene ndakusiyiraniyi. Chimanga chafika m'mawondo, aliyense akufuna yuleya wobereketsa, ndipo amene anaona ntchemberezandonda m'munda sakudikira mawa. Ndaganizira mmene ntchito ingayendere, ndipo ndalankhula kale ndi a Mabvuto Tembo pa foni dzulo madzulo. Avomera kugwirizira kumosungira ngati inu mulola.

Makiyi onse atatu ndawaika mu envulopu imene Misozi wanyamula: wa chitseko chachikulu, wa kachipinda ka mankhwala a mbozi, ndi wa kabati ya mabuku. Chonde alandire inuyo ndi manja anu, ndipo muwapatse a Tembo mutasainirana. Wa kachipinda ka mankhwala usamachoke kwa iwo. Anyamata onyamula matumba ali ndi chizolowezi chofuna kubisalamo mvula ikamagwa, ndipo nthawi zina amalowa ndi chimanga chootcha m'manja.

Buku la katundu ndinalitseka Loweruka pa 12 koloko. Panatsala matumba a yuleya 214 a makilogalamu 50, ndi a feteleza wokulitsa 37. Pa a yuleyawo, awiri anang'ambika potsitsa Lachisanu. Ndinawasoka n'kuwaika padera kuseri kwa sikelo, ndipo asagulitsidwe ngati athunthu asanapimidwe. Mzere wa kukhoma la kumadzulo muuyang'ane bwino, chifukwa lata la pamwamba pake likudontha, lija ndinakuuzani mwezi watha. Ndinaphimba ndi tenti, koma mvula ya Loweruka usiku inali yamphamvu, ndipo yuleya akanyowa amaumbika ngati mwala. Ngati matabwa apansi anyowa, matumbawo asamutsidwe lero lomwe.

A kopaletivu ya ku Chiparamba abwera mawa Lachiwiri kudzatenga matumba 60 amene analipira kale. Lisiti yawo ili m'buku la buluu, tsamba lopindidwa. Asatulutse thumba ngakhale limodzi asanaone chitupa cha mlembi wawo, chifukwa chaka chatha kunabwera anthu awiri osiyana m'dzina la gulu limodzi, ndipo mukumbukira mmene tinavutikira. Pali agogo ena a ku Kapata amene anasiya ndalama ya theka la thumba nati adzamaliza sabata ino. Dzina lawo lili pa kapepala m'kabati, ndipo thumba lawo ndinalilemba ndi choko. A Tembo asawabweze. Oda ya mankhwala a mbozi ndinailemba kale, ingodikira siginecha yanu. Zowerengera za kumapeto kwa mwezi zisakudetseni nkhawa, ndidzazipeza ndekha, ngakhale zitafuna kuti nditsalire madzulo sabata yamawa.

Foni yanga ili yotsegula, nambala ndi yomwe ija muli nayo. Kungoti m'mawa madokotala akamayendera odwala sindingayankhe, komanso potchajira muno timachita kulandirana. Kukakhala funso la m'mabuku, a Tembo alembe uthenga, ndidzayankha mwana akagona. Anzanga akuntchito amene afuna kudzazonda ndiwathokoza, koma ayambe afunsa nthawi yoonera odwala, ndipo asavutike kubwera onse pamodzi.

Ndiyembekeza kubwerera Loweruka pa 24 Januwale, nthawi yanga ya masiku onse. Pofika tsikulo atate ake adzakhala atabwera, ndipo akatitulutsa Lachitatu kapena Lachinayi, mwana adzakhala akumaliza mankhwala ake kunyumba ndili naye pafupi. Zikasintha, monga atati amuonjezere magazi n'kutisunga masiku ena, ndidzakuuzani Lachinayi masana asanakwane, ndipo ndidzapempha dokotala alembe kalata ina yonena zimenezo. Sindidzangokhala chete.

Ngati pali fomu ya livi yoti ndisaine, mupatseni Misozi abwere nayo pamodzi ndi chakudya cha masana, ndidzaibweza mawa m'mawa. Ndipo ngati mwavomera, chonde lembani mawu ochepa pa kope la kalata ino kapena munditumizire uthenga, kuti mtima ukhale pansi.

Zikomo kwambiri, abwana.

Ine wantchito wanu,

Tisauke Banda
Wosunga katundu

Zomangirira: kope la kapepala ka kukiliniki, envulopu ya makiyi 3.
Kope: a Nyirenda, ofesi ya maakaunti.