Kalata kwa Achimwene ku Dublin: za Idi ya chaka chino

Mayfair, Johannesburg
9 Malichi 2025

Okondedwa Achimwene,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga ndi ana? Ife kuno ku Joni tili bwino, Alihamdulillah. Swaumu ikuyenda, tangofuturu kumene, ndipo ndikulemba kalatayi ana atapita ku tarawe ndi abambo awo.

Usiku uja pa foni munandifunsa kuti ndikuuzeni tsiku lenileni kuti mugule tikiti, ine n'kumangoti mwina Lolemba, mwina Lachiwiri. Ndinamva m'mawu mwanu kuti mwakhumudwa. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino, muwerenge mutakhala pansi.

Inu kumeneko munayamba kufunga Loweruka pa 1 Malichi. Ife kuno mwezi sunaoneke Lachisanu lija, choncho tinayamba Lamulungu pa 2 Malichi. Tikawerenga kuchokera pamenepo, tsiku lathu la 29 likugwa Lamulungu pa 30 Malichi. Madzulo a tsiku limenelo ndi pomwe anthu adzakhale akuyang'ana kumwamba. Ku Cape Town amasonkhana m'mphepete mwa nyanja, pamalo otchedwa Three Anchor Bay, ndipo mwezi ukaoneka kumeneko kapena kwina kulikonse m'dziko muno, mashehe akuluakulu amatsimikiza n'kulengeza pa wailesi ndi m'mizikiti. Ukadzaoneka, Idi ndi Lolemba pa 31 Malichi. Ukadzabisala, tidzakwanitsa masiku 30, Idi n'kukhala Lachiwiri pa 1 Epulo. Kupitirira apo ayi. Ndi momwe ankachitira ababa pa gombe ku Nkhotakota, dzanja pachipumi, ife tili pambuyo pawo tikukanganirana kuti ndani wauona poyamba.

Koma tsiku lomwe ndikufuna mulilembe pakhoma ndi Loweruka pa 5 Epulo. Limeneli ndiye la banja lonse, ndipo silidikira mwezi.

Kuno Idi si holide ya boma ngati kwathu ku Malawi. Abambo a ana apempha kale tsiku limodzi kuntchito, awalola. Koma achemwali aakulu amagona kunyumba ya abwana awo ku Randburg, amatuluka Loweruka lokha, ndipo amalume kugalaja kuja ku Germiston sangawalole kujomba tsiku lomwe iwo eni sakulidziwa. Tinakhala pansi Lamulungu lapitali ndi kugwirizana kuti tsiku la Idi aliyense akaswali komwe ali pafupi, omwe angathe adutse kuno kudzamwa tiyi ndi kupatsana moni. Chakudya chenicheni, cha mbumba yonse, tidzadyera limodzi pa 5 Epulo kunyumba kwa amalume, chifukwa kwawo kuli bwalo. Kwathu kuno mukukudziwa, zipinda ziwiri, anthu 20 sangakwanemo. Tidzayamba tikaswali ya masana, cha m'ma 1 koloko, mpaka mdima.

Chifukwa chake ndikukupemphani kuti mufike Loweruka pa 29 Malichi, mudzabwerere Lamulungu pa 6 Epulo kapena kupitirira. Mukatero mwagwira zonse ziwiri, mwezi uoneke kapena usaoneke. Ndege za kumeneko zimadzera ku Doha kapena ku Dubai, ndiye muwerengere usiku umodzi wa m'njira. Pa OR Tambo tidzakuchingamirani tokha, musavutike ndi Gautrain muli ndi zikwama. Chinthu chimodzi mufunse ashehe anu musananyamuke: popeza munatitsogolera ndi tsiku limodzi, Idi ya kuno ikagwa pa 1 Epulo masiku anu adzapyola 30. Akuuzeni iwo zoyenera kuchita pa tsiku lowonjezeralo. Zakaati ya fitiri, yanu ndi ya ana, muiperekeretu msanga kuti ikafike kwa osowa swala ya Idi isanachitike. Mukafuna ipite kumudzi, tumizani kwa ine, ndiphatikiza ndi yathu.

Tsopano nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi. Amayi akubwera.

Anakana kwa zaka zitatu, akuti miyendo, akuti nkhuku zanga adyetsa ndani. Chaka chino avomera okha. Anyamuka ndi mdzukulu wawo wa kwa achemwali, akwera basi ku Lilongwe sabata ya pa 17 Malichi. Njira ndi yomwe ija ya ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, kugona m'basi kawiri, nthawi zina katatu pachipata pakachuluka anthu. Ndawauza kuti paulendo asafunge, Mulungu analola wapaulendo kudzabweza pambuyo, koma mukuwadziwa amayi anu. Pasipoti yathu amadinda masiku 30 okha, ndiye pofika pakati pa Epulo ayenera kukhala atabwerera. Mpata wake ndi womwewu, Achimwene.

Ndikuuzeni zoona, amayi akula. Nditapita kumudzi chaka chatha ndinawapeza atakhala pakhonde akusankha mpunga m'lichero, alibweretsa pafupi ndi nkhope chifukwa maso akuchita chidima. Timiyala ankatipeza ndi zala. Foni yanu ikalira amaigwira ndi manja awiri, n'kuiika pakhutu ngakhale ili ya vidiyo, moti inu mumangoona khutu lawo. Mukadula amandifunsa kuti, "Kodi wanenepa kapena waonda?" Munaonana nawo komaliza pa maliro a ababa mu 2019, ndipo wamng'ono wanu uja sanamunyamulepo. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa za mapepala ndi mtengo wa tikiti, ndiponso ndalama zomwe mumatumiza mwezi ndi mwezi ndi zomwe zinafolera nyumba ija ndi malata. Koma atamva kuti mwina mubwera, tsiku lomwelo anatuma mwana kukagula nsalu ya Idi.

Za chakudya musadere nkhawa. Amayi anyamula mpunga wa Kilombero, ufa wa kondowole, nsinjiro ndi chambo chouma, ngati a pachipata sawavutitsa nacho. Mbuzi tasonkherana, amalume apeza kale komwe akagule, ndipo adzazinga okha m'mawa wa Loweruka. Ine ndatenga thobwa ndi mandasi. Achemwali akuti futali wa mbatata ndi wawo, wina asamukhudze. Zovala za ana tikagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg sabata yamawa anthu asanadzadze, ndiye ngati mukubwera ndi ana munditumizire misinkhu yawo kuti adzavale zofanana ndi anzawo. Mutenge ndi majuzi, kuno Epulo akamayamba m'mawa ndi madzulo kumazizira, ngakhale kwa inu a ku Ireland mwina mudzati kukutentha.

Tisanadye pa 5 Epulo padzakhala duwa ya ababa. Tapempha ashehe a pamzikiti wathu, a kwathu komwe ku Salima, kuti adzatsogolere. Amayi anena kuti akufuna mwana wawo wamwamuna adzakhale pafupi ndi ashehe pa mkeka, ndipo mwana wamwamuna ali naye mmodzi.

Zikakanika ndithu, mundiuze msanga kuti ndiwakonzekeretse mtima, asadzamve tsiku lomwelo. Tikatero tidzakuimbirani pa vidiyo nthawi ya duwa. Kumbukirani kuti kumeneko mukusintha mawotchi pa 30 Malichi, ndiye kusiyana kwathu kudzakhala ola limodzi m'malo mwa awiri: 1 koloko ya kuno ndi 12 koloko yanu. Koma ine ndikupempha Mulungu kuti foniyo isadzafunike.

Mundiyankhe pofika Lachisanu likudzali, Inshallah, kuti amalume adziwe ngati mbuzi imodzi ikwane. Moni kwa alamu, muwauze kuti mafuta odzola aja anafika ndipo amayi ndawasungira botolo lawo.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Mayfair