Yankho la funso 3: Kodi alimi a mpunga a ku Lifuwu agule chigayo?

Funso: Gulu la alimi 40 a mpunga wa Kilombero ku Lifuwu, m'boma la Salima, limakolola matumba 600 a makilogalamu 50 pachaka, koma matumba 200 okha ndi amene amagulitsidwa kudzera m'gulu. Mu Juni mavenda amagula thumba la mpunga wosapuntha pa K40,000. Gululi lasunga K6,000,000 ndipo wapampando akufuna kuti agule chigayo cha K9,000,000, zotsalazo akongole. Unikani nkhaniyi ndipo perekani malangizo.

Yankho

Ndiyamba ndi kupeza vuto lenileni, kenaka ndiunika mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za gululi, ndisanayerekeze njira ziwiri ndi kupereka malangizo.

Vuto

Wapampando akuona ngati vuto ndi kusowa chigayo. Manambala akunena zina. Matumba 400 mwa 600 sakufika n'komwe m'manja mwa gulu. Mlimi akamamweta mpunga amakhala ali ndi ngongole ya aganyu, ya feteleza, mwina ya katapila, fizi ya ana ili pakhomo. Venda akaima ndi sikelo yake pansi pa mtengo wa mango, ndalama zili m'manja, mlimiyo sangadikire msonkhano wa komiti. Choncho vuto ndi kusowa ndalama zapompopompo pa nthawi yokolola.

Kuunika

Mphamvu: Kilombero safuna kutsatsa kwambiri, fungo lake anthu amalidziwa. Komanso gululi lili ndi mpamba wakewake, wopanda chiwongoladzanja.

Zofooka: kugulitsa kwa mseri komwe ndatchula kale, ndiponso nkhaniyi sikuonetsa kuti gululi lili ndi posungira pabwino.

Mwayi: Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Salima, msewu wake wa tala, ndipo malo ogona alendo ku Senga Bay ali pafupi. Mtengo wa mpunga umakwera chaka chikamapita kumapeto.

Ziopsezo: kuzimazima kwa magetsi, kukwera mtengo kwa mafuta, ndi mavenda omwe akhoza kukwezako mtengo pang'ono kuti gulu ligawanike.

Kuyerekeza njira ziwiri

Ndigwiritsa ntchito mitengo yomwe inaperekedwa pamodzi ndi funsoli, yomwe ndi iyi. Thumba la makilogalamu 50 likapunthidwa limatulutsa makilogalamu 32. Pa K2,200 pa kilogalamu ku Lilongwe, ndi K70,400. Tikachotsa K3,000 yopunthitsira ndi K5,400 ya thiransipoti ndi mapaketi, patsala K62,000. Kusiyana ndi mtengo wa venda ndi K22,000 pa thumba.

Apa m'pamene pagona nkhani. Phindu la K22,000 limapezeka ngakhale opanda chigayo chawochawo, chifukwa atha kupunthitsa kwa eni zigayo. Njira yoyamba, yogula chigayo, ingawapulumutsire K3,000 yokha pa thumba. Pa matumba 200 ndi K600,000 pachaka, kutanthauza zaka 15 kuti ndalama yogulira ibwerere. Ngakhale matumba onse 600 atabwera, ndi zaka 5, tisanawerengere magetsi, woyendetsa chigayo, zipangizo zikaonongeka ndi chiwongoladzanja cha K3,000,000 yokongolayo. Wina anganene kuti azipunthiranso anthu ena n'kumalipiritsa. N'zoona, koma funsoli silikupereka umboni wa makasitomala amenewo, ndipo mpamba wonse ukathera m'chigayo, venda apitiriza kunyamula matumba 400 aja monga kale.

Njira yachiwiri ndi kusandutsa mpambawo ndalama yolandiriratu. K5,000,000 ingalipire K25,000 pa thumba, matumba 200 owonjezera. Matumba amenewa akhoza kubweretsa K4,400,000 pamwamba pa zomwe venda akanapereka, mpamba n'kubwereranso m'thumba la gulu chaka chomwecho.

Malangizo

1. Chigayo chiyambe chaima. Nkhani yake idzabwerenso gulu likadzafika pa matumba 500 zaka ziwiri zotsatizana.

2. Kuyambira Juni, membala wobweretsa thumba alandire K25,000 tsiku lomwelo, zotsala adzalandire mpunga ukagulitsidwa. K25,000 ndi yochepa poyerekeza ndi K40,000 ya venda, ndiye ena adzathawabe. N'chifukwa chake tsiku lolipira zotsalazo lilembedwe pa lisiti, ndipo lisadumphidwe ngakhale kamodzi. Oyamba kuthandizidwa akhale amene ngongole zawapanikiza.

3. K1,000,000 yotsala ipite ku lendi ya nyumba yosadontha, matabwa osanjikapo matumba kuti asakhudze pansi, ndi sikelo yoyesedwa ndi boma. Mpunga ulandiridwe wouma bwino, chifukwa wachinyezi umachita nkhungu ndipo umasweka popuntha.

4. Komiti igwirizane mtengo ndi mwini chigayo mmodzi nyengo isanayambe, ndipo ipeze ogula awiri kapena atatu okhazikika. Ngati akufuna kulowa m'masitolo akuluakulu ndi mapaketi a dzina lawo, ayambe msanga kufunsira chiphaso ku bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS.

5. Msungichuma aziwerenga pamaso pa mamembala mwezi ndi mwezi matumba omwe alowa, omwe agulitsidwa, ndi ndalama yomwe yabwerera ku mpamba. Ngati pofika kumapeto kwa Julayi matumba sanakwane 300, komiti ikweze yolandiriratu kufika pa K30,000, ngakhale matumba olipiridwa achepe.