Mafunso odzifunsa musanalowe kwa anamwino: fotokozani bwino ululu wanu

Pepala ili ndalembera odwala ndi owadwazika a kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, makamaka inu amene mumayenda ulendo wautali kupita kuchipatala, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu, koma mukalowa m'chipinda mawu n'kukutherani. Ambiri amangoti "thupi lonse likuwawa" n'kukhala chete. Ululu suoneka ndi maso, ndipo palibe makina ouyezera monga amayezera kutentha kwa thupi kapena kuthamanga kwa magazi. Chimene anamwino angagwire ndi mawu anu basi. Werengani mafunsowa muli kunyumba kapena muli pabenchi, muyankhe mumtima. Ngati mutha kulemba, lembani mayankho pakapepala n'kukaika m'buku lanu la kuchipatala.

PAKUWAWA NDI PATI?

1. Kodi mungathe kuloza ndi chala chimodzi? Yesani tsopano. Ngati chala chikukana ndipo mukufuna kusisita ndi dzanja lonse, zimenezonso ndi yankho, muwauze choncho.

2. Ngati ndi m'mimba, ndi mbali iti? Pamwamba pa mchombo, pamchombo penipeni, pachinena, kapena pansi pa nthiti? Kumanja kapena kumanzere? Pano ndikupemphani mukhalitsepo, chifukwa mawu akuti "m'mimba" amabisa zambiri. Pansi pa nthiti za kumanja pali chiwindi ndi ndulu. Pansi pa nthiti za kumanzere pali kapamba, amene amatha kutupa ndi malungo obwerezabwereza. Pachinena pali chikhodzodzo, ndipo kwa amayi palinso chiberekero. Anamwino akamva malo, amadziwa pokakanikiza ndi choti ayeze.

3. Ngati ndi mutu, ndi pachipumi, paliwombo, kunkhongo, kuseri kwa diso, kapena mbali imodzi yokha? Khosi likutheka kuwerama mpaka chibwano kugunda pachifuwa?

4. Ululuwo uli pakhungu, mumnofu, m'fupa, polumikizana mafupa, kapena mkati mwenimweni?

5. Ndi malo amodzi kapena angapo? Ngati ndi angapo, yambani ndi amene akuchotsani kunyumba lero.

6. Kodi ndi malo obisika? Ngati ndi kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi, musanene kuti "m'chiuno" pofuna kulemekeza. Ndikudziwa kuti kwathu sitinazolowere kutchula zimenezi, makamaka pamaso pa mwana wamng'ono kwa ife kapena mpongozi amene watiperekeza. Muli ndi ufulu wopempha kuti wokuperekezani ayambe watuluka, kapena kufunsa ngati pali namwino wamkazi kapena wamwamuna. Koma malowo atchuleni.

UNAYAMBA LITI, NDIPO UMABWERA NTHAWI YANJI?

7. Unayamba liti? "Kalekale" si tsiku. Ngati deti mwaiwala, kumbukirani chochitika: unayamba tikuwokera mpunga, unayamba mwezi wa Ramadani usanathe, unayamba sabata imene mwera unatiletsa kulowa panyanja, unayamba Lachisanu lapitali titachoka kumaliro.

8. Unayamba mwadzidzidzi, moti mungatchule zimene munkachita nthawi imeneyo, kapena unabwera pang'onopang'ono?

9. Umakhala osaleka, kapena umabwera n'kupita? Ukabwera umatenga nthawi yotalika bwanji, ndipo umabwera kangati patsiku?

10. Umakula nthawi yanji: m'mawa podzuka, masana muli pantchito, madzulo, kapena usiku? Kodi umakudzutsani kutulo? Limeneli musaliiwale, chifukwa ululu wodzutsa munthu usiku anamwino amafuna kuudziwa.

11. Kuyerekeza ndi tsiku loyamba, lero wakula, wachepa, kapena uli chimodzimodzi? Munayamba mwaumvapo m'mbuyomu, ndipo nthawi imeneyo anakuuzani kuti n'chiyani?

12. Kwa amayi ndi atsikana: munasamba liti komaliza? Ululuwo umayenderana ndi kumwezi? Mwina muli ndi pakati? Yankhani ngakhale muli pasukulu, ngakhale muli pa njira yolera. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imayamba ndi kuwawa kwa mbali imodzi ya chinena mwa mayi amene wadumphitsa mwezi, ndipo ikaphulika munthu amataya magazi mkati, osaoneka kunja.

UKUYENDA KUPITA KUTI?

Apa ndi pamene ambiri amasiya zofunika, poganiza kuti n'zazing'ono kapena kuti awaseka akanena kuti "chinthu chikuyenda m'thupi". Nenani. Njira imene ululu ukudutsa imaloza kumene wachokera, ndipo nthawi zina pamene pakuwawa si pamene pali vuto.

13. Kodi ululu uli pomwe unayambira, kapena wasamuka? Wina umayambira pamchombo, pakapita maola n'kukakhazikika m'munsi kumanja, munthu n'kumayenda chowerama. Umenewo ukhoza kukhala wa apendikisi, ndipo mukangoloza pamene pakuwawa lero osatchula pamene panayambira dzulo, mwasiya theka la nkhani.

14. Wa pachifuwa: ukufika kuphewa, kumkono (makamaka wamanzere), kukhosi, kunsagwada kapena kumsana?

15. Wa m'mbali mwa msana, pansi pa nthiti: ukutsikira kuchinena kapena kumaliseche? Wa pansi pa nthiti za kumanja: ukukwera kuphewa?

16. Wa msana kapena m'chiuno: ukutsika ndi mwendo? Ukuthera pati, pantchafu, pabondo, pakatumba kapena kuzala? Mwendo umodzi kapena yonse? Pali dzanzi kapena kufooka?

17. Kodi ukuzungulira mbali imodzi yokha ya thupi, kuchoka kumsana kubwera kutsogolo, khungu likuotcha ngakhale malaya akangokhudza? Mashingozi amayamba choncho matuza asanatuluke.

UKUWAWA MOTANI?

18. Sankhani mawu oyandikira kwambiri: kubaya, kulasa, kupota, kuluma, kuotcha, kugunda, kufinya, kulemera, kuphwanya, kunyerenyetsa.

19. Ndi waukulu bwanji? Mwina adzakufunsani kuti mupereke nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti palibe ululu, mpaka 10, ululu woposa wonse umene munaumvapo. Ena amagwiritsa ntchito zala zisanu za dzanja. Musachepetse pofuna kuoneka olimba, abambo inu makamaka, ndipo musakuze pofuna jakisoni.

20. Wakuletsani chiyani? Kugona, kudya, kusenza ndowa, kugwada popemphera, kupalasa njinga? "Sabata ino sindinathe kukoka khoka" ndi mawu omveka bwino kuposa "ukuwawa kwambiri".

CHIMAUYAMBITSA N'CHIYANI, CHIMAUCHEPETSA N'CHIYANI?

21. Chakudya: umabwera muli ndi njala kapena mukangotha kudya? Mukadya zamafuta monga kanyenya ndi tchipisi, za tsabola, kapena mukamwa mowa? Pali chilungulira?

22. Ntchito: umayamba mukawerama m'munda, mukapalasa bwato, mukapopa mjigo, mukanyamula thumba, mukakwera chitunda? Mukapuma umaleka? Wa pachifuwa wobwera poyenda n'kuleka mukakhala pansi muutchule msanga.

23. Umakula mukatsokomola, mukapuma mokoka mpweya, mukagona chagada, kapena kabaza akagunda bampu?

24. Umabwera pokodza, pochita chimbudzi, pomeza, kapena pogonana?

25. Munagwa, kumenyedwa, kuchita ngozi kapena kulumidwa ndi kanthu? Ngakhale papita masabata, nenani. Ngati anakupwetekani ndi munthu wa m'nyumba mwanu, mukhoza kuwauza anamwino muli awiri.

26. Mwamwa chiyani kale, angati, ndipo anathandiza? Tchulani zonse: panado, bufeni, asipirini, makapusozi a pagolosale, ngakhalenso mankhwala azitsamba ndi mphini zimene mwatemera. Musaope kudzudzulidwa. Bufeni ndi asipirini amatha kukulitsa zilonda za m'mimba, ndipo panado amene mwamwa m'mawa akhoza kubisa kutentha kwa thupi pamene akukuyezani. Ngati mapaketi alipo, atengeni.

27. Mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi? Kuotcha ndi dzanzi kumapazi zimatha kuchokera ku matenda a shuga kapena ku mankhwala ena a TB. Musasiye kumwa panokha, kawauzeni.

ZOBWERA LIMODZI NDI ULULU

28. Pali kutentha thupi, kuzizidwa, kusanza, kutsegula m'mimba, kudzimbidwa, kutupa, kuonda, thukuta la usiku, kapena chifuwa chopitirira masabata awiri?

29. Mwaona magazi? Kuti: m'masanzi, m'makhololo, m'chimbudzi, mumkodzo? Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera kuona mwana akukodza magazi kumapeto kwa mkodzo mpaka ena amayesa n'chizindikiro cha kukula. Ndi likodzo limenelo, ndipo mankhwala ake alipo. Auzeni anamwino ngati mumasamba, kuchapa kapena kuwedza m'nyanja, ku Chia, mumtsinje wa Bua kapena mumagwira ntchito m'madzi a m'minda ya mpunga.

30. Ngati mumakhala kapena kulima kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota: munalumidwa ndi kashembe? Mutu ndi kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kapena kumene akayeza malungo sakuwapeza, kukhoza kukhala kaodzera. Anamwino sangaganizire zimenezo ngati simunatchule kumene mumakhala.

KWA ODWAZIKA MWANA KAPENA AGOGO

Musiyeni wodwala ayambe walankhula yekha, inu muwonjezere pambuyo. Mwana mufunseni kuti "ndionetse pakuwawa", osati "m'mimba eti?", chifukwa angovomera. Kwa khanda nenani zimene mwaona: akukana bere, akukoka khutu, akupinda miyendo polira, akulira mukamukhudza pati.

MAYANKHO AKAPHATIKIZANA AMAMVEKA CHONCHI

"Anamwino, pakundiwawa apa, pamwamba pa mchombo. Panayamba masabata atatu apitawo, pang'onopang'ono. Pamaotcha, makamaka ndikakhala ndi njala, ndipo pamandidzutsa usiku tambala asanalire. Ndikamwa phala pamaleka pang'ono. Sipayenda kwina. Ndakhala ndikumwa bufeni awiri patsiku chifukwa cha msana. Dzulo chimbudzi chinali chakuda bii."

IZI SIZODIKIRA PAMZERE

Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, kupita kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukafika uzani wachipatala woyamba kukumana naye. Ngati pakufunika kukutumizani kuchipatala chachikulu cha paboma, iwo ndi amene akonze.

- Ululu wa pachifuwa wofinya, wobwera ndi thukuta kapena kubanika.
- Mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, kapena mutu ndi kutentha thupi khosi litauma.
- Mutu, kuona zachimbuuzi kapena kutupa nkhope mwa mayi woyembekezera. Kuwawa m'mimba kapena kutaya magazi ali ndi pakati.
- Mimba youma gwa, yotupa, munthu akusanza, mpweya ndi chimbudzi osatuluka.
- Kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, monga m'chitsanzo chija.
- Kuwawa kwadzidzidzi kwa machende mwa mnyamata kapena bambo, kapena chotupa cha m'mphechepeche chimene kale chinkabwerera mkati koma lero chakana.
- Msana wobwera ndi kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kukodza kapena kusunga mkodzo.
- Kukomoka, kusokonezeka mutu, kapena kufooka mbali imodzi ya thupi.