Kalata kwa Makolo a Ophunzira a Fomu 3

Dedza
14 Okutobala 2024

Okondedwa Makolo,

Ndalemba kalatayi potsatira mawu amene ena mwa inu munayankhula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, akuti ana asiye phunziro la Chichewa kuti nthawiyo ipite ku Chingerezi. Nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Komabe ndikupempha kuti muganizenso.

Ambiri mumati mwana amadziwa kale Chichewa popeza anayamwira. Kuyankhula amayankhuladi, koma kulemba ndi nkhani ina. Ndikachonga zimangirizo za ana athu, ndimapeza kuti ambiri satha kusanja mfundo zawo m'ndime kapena kupereka zifukwa zomveka pa zimene akunena, ndipo ndikafunsa mnzanga wophunzitsa Chingerezi, amandiuza kuti ana omwewo ndi amenenso amavutika kwa iye. Mwana amene waphunzira kuzindikira mneni, kupeza mfundo yaikulu m'nkhani ndiponso kuteteza maganizo ake m'chiyankhulo chimene amaganizira, luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi, ndipo chimene chimamutsalira ndi kuphunzira mawu atsopano. Amene sanaliphunzire amasenza akatundu awiri nthawi imodzi, mapeto ake amangoloweza.

Taganizirani ntchito zimene mumawafunira anawa. Namwino amawerenga mabuku a Chingerezi, koma agogo odwala matenda a shuga ayenera kuwafotokozera za kadyedwe ndi kamwedwe ka mankhwala m'Chichewa chomveka ndiponso chaulemu. N'chimodzimodzi mlangizi wa zaulimi, womasulira kukhothi ndi mtolankhani wa pawailesi. Chiyankhulochi chinasankhidwa kukhala cha dziko lonse mu 1968, ndipo chimayankhulidwanso ku Chipata m'dziko la Zambia ndi ku Tete m'dziko la Mozambique.

Ndikudziwa kuti m'makomo ena mumayankhula Chiyawo kapena Chitumbuka. Ziyankhulo zimenezi sitiphunzitsa m'kalasi, choncho udindo wonse uli m'manja mwanu, ndipo gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha. Musamudzudzule mwana akamayankhula ndi agogo ake m'chiyankhulo chawo. Zimandimvetsa chisoni kuona mwana wa Fomu 3 akusowa mawu opepesera anamfedwa pamaliro.

Pempho langa ndi lakuti mulole ana kulembetsa Chichewa pa mayeso a MSCE, muwagulire kope lapadera la phunziroli, komanso muziwauza kuti akuwerengereni mokweza zimene alemba. Amene muli ndi mafunso mudzandipeza pasukulu Lachisanu lililonse kuyambira 2 koloko masana.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chichewa, Fomu 3