Kusintha kwa tsiku lotsegulira webusaiti ya loji yanu

Chinamwali,
Zomba.

18 Ogasiti 2025

Mayi Nambewe,
Chembe, Cape Maclear,
Mangochi.

Okondedwa Mayi,

KUSINTHA KWA TSIKU LOTSEGULIRA WEBUSAITI

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito kulojiko. Kuno tili bwino.

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti webusaiti yanu sikhala yokonzeka yonse pa 1 Seputembala monga tidagwirizanira. Tsiku latsopano lomwe ndikupempha ndi Lolemba pa 29 Seputembala. Pepani kwambiri, Mayi. Ndikudziwa kuti mudauza kale ena mwa alendo anu kuti kuyambira mwezi wamawa azidzasungitsa zipinda pa intaneti, ndiye ndaona kuti ndi bwino mumve lero, kudakali masabata awiri, kusiyana n'kudzamva tsikulo litafika. Ndasankha kulemba m'malo mongoimba foni kuti masiku ndi ndalama zomwe nditchule zikhale papepala, inu ndi ine tizitha kubwererapo.

Zambiri zatha. Masamba a zipinda zonse zisanu ndi zitatu alipo, mitengo ilipo m'makwacha ndi m'madola, tsamba la zakudya lilipo, komanso njira yofikira kwanuko kuchokera ku Monkey Bay yalembedwa pamodzi ndi mapu. Dzina lanu la .mw lidalembetsedwa ndipo likuloza kale ku seva yathu. Chachikulu chomwe chatsala ndi mbali yolandirira ndalama, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse.

Vuto lalikulu ndalipeza sabata yathayi poyesa kusungitsa malo ngati kuti ndine mlendo. Mmene zimayendera n'chonchi: munthu akasankha chipinda n'kudina batani lolipirira, webusaiti imamusungira chipindacho kwa mphindi 15 kudikira kuti ndalama ifike. Iye amalandira uthenga pafoni womupempha kulemba nambala yake yachinsinsi. Akalemba, kampani yodutsitsa malipiro imatumiza chizindikiro ku webusaiti yathu chonena kuti ndalama yalowa, ndipo m'pamene chipindacho chimalembedwa kuti chatengedwa. Zonse zikayenda mwachangu palibe chovuta. Koma netiweki ikavuta, kapena munthu akayamba wapita kwa ejenti kukaika ndalama mufoni, chizindikirocho chimatha kufika mphindi 15 zija zitadutsa. Apo webusaiti imakhala itamasula kale chipinda, wina n'kuchitenga, ndipo ndalama za onse awiri zimalandiridwa. Poyesa ndidagulitsa chipinda choyang'ana kunyanja chija kwa anthu awiri usiku umodzi, aliyense ali ndi lisiti lake.

Zoterezi sizingachitike tsiku ndi tsiku. Zingachitike pa nthawi yomwe anthu ambiri akulimbirana zipinda zochepa, monga pa holide ya Tsiku la Amayi kapena pa Khirisimasi, nthawi yomwe simungakhale ndi chipinda china chomusamutsira munthu. Banja lichoke ku Lilongwe m'mawa, lidutse Golomoti, lifike pakhomo panu dzuwa litapendeka ana atatopa, n'kumva kuti chipinda chomwe adalipira muli ena. Woyankha mlandu umenewo adzakhala inu ndi mtsikana wa palisepushoni, osati ine. N'chifukwa chake sindikufuna kutsegula mbali imeneyi ili chomwechi, ngakhale pamaso ikuoneka ngati yatha.

Kukonza kwake ndikukudziwa. Nthawi yosungira chipinda ndiitalikitsa kufika mphindi 30. Isanamasule chipinda, webusaiti izidzayamba yafunsa kaye ku kampani ya malipiro ngati ndalama yalowa, m'malo mongodikira kuuzidwa. Ndipo ndalama ikadzafika mochedwa ndithu chipinda chitapita, siidzatulutsa lisiti la chipinda; idzakutumizirani uthenga inuyo nthawi yomweyo kuti mumuimbire mlendoyo, mumupatse chipinda china kapena mumubwezere ndalama yake asananyamuke kwawo. Kulemba zimenezi ndi ntchito ya masiku ochepa. Chodya nthawi ndi kuyesa, chifukwa ndiyenera kuyesa pa Airtel Money payokha, pa Mpamba payokha, ndi pa kadi ya kubanki payokha.

Chachiwiri ndi akaunti yanu ya bizinesi ku kampani ya malipiro ija. Pakadali pano ndikuyesera pa akaunti yongoyeserera, momwe ndalama zake si zenizeni. Kuti atsegule yeniyeni akufuna mapepala anayi: satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN, chiphaso cha unzika cha mwini bizinesi, ndi kalata ya kubanki yotsimikiza akaunti yomwe ndalama zizilowa. Awiri oyambawo mudatumiza kale, zikomo. Chithunzi cha chiphaso chidatuluka mbali imodzi yokha, ndiye akufuna mbali zonse ziwiri. Kalata ya kubanki sinafike. Iwo andiuza kuti mapepala akakwana amatenga masiku ogwira ntchito okwana khumi kuti avomereze, choncho ndawerengera masiku onse khumiwo, osayembekezera kuti achita changu.

Chachitatu n'chaching'ono: tsamba la maulendo a boti opita ku chilumba cha Thumbi, lomwe mudapempha mwezi watha. Ganizolo ndi labwino zedi, pakuti alendo ambiri amabwerera zomwezo, kukaona mbuna ndi kudyetsa nkhwazi, koma boti limasungitsidwa pa mutu wa munthu pomwe chipinda chimasungitsidwa pa usiku, ndiye likufuna kalenda yakeyake. Lawonjezera pafupifupi sabata imodzi.

Tsono pa 1 Seputembala tisakhale chimanjamanja. Ngati mungavomere, tsiku limenelo nditsegula webusaiti yonse kupatula mbali yolipirira ndi tsamba la boti. Mlendo aziona zipinda, mitengo ndi zithunzi, ndipo pamalo pa batani lolipirira padzakhala batani lomutengera ku WhatsApp ya loji, uthenga wake utalembedwa kale ndi dzina la chipinda ndi masiku omwe wasankha. Inu muzimuyankha ndi kulandira ndalama monga mukuchitira panopa. Ubwino wina ndi woti Google iyamba kuwerenga masamba anu mwezi wathunthu msanga, pakuti webusaiti yatsopano imatenga nthawi kuti iyambe kuoneka anthu akamafufuza. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yabwino, ndipo siwonjezera mtengo uliwonse. Koma ngati mungakonde kudikira kuti zonse zidzatsegulidwe pamodzi, ndidzatsatira zomwe mwanena.

Ndondomeko yatsopano ili motere:

Lachisanu, 22 Ogasiti: chiphaso ndi kalata ya kubanki zikhale zitandifika, ndipo ndizipereka tsiku lomwelo.

Lolemba, 1 Seputembala: kutsegula webusaiti yokhala ndi batani la WhatsApp.

Lachisanu, 5 Seputembala: kumaliza kukonza vuto la chipinda chogulitsidwa kawiri. Akaunti yeniyeni iyeneranso kukhala itavomerezedwa pofika tsikuli.

Lachisanu, 12 Seputembala: kumaliza tsamba la maulendo a boti.

Kuyambira 17 mpaka 19 Seputembala: kuyesa ndi ndalama zenizeni. Ndadumpha dala Lolemba ndi Lachiwiri chifukwa pa 16 ndi tsiku la chisankho ndipo ambiri tidzakhala tili kokavota.

Lolemba, 22 Seputembala: ndidzabwera ku Chembe kudzaphunzitsa inu ndi antchito anu awiri kagwiritsidwe ntchito kake.

Lolemba, 29 Seputembala: kutsegula mbali yolipirira.

Sabata ya pakati pa 22 ndi 29 ndaisiya yopanda ntchito mwadala, kuti chilichonse chomwe chingatulukire pophunzitsa chikonzedwe tsiku lisanasunthenso. Tikatsegula pa 29, mudzakhala ndi masabata awiri ndi masiku awiri Tsiku la Amayi la pa 15 Okutobala lisanafike. Chinthu chimodzi chokha pandondomekoyi chomwe sichili m'manja mwanga ndi kuvomerezedwa kwa akaunti. Mapepala akachedwa kupitirira pa 22 Ogasiti, masiku oyesera ndi ndalama zenizeni akhoza kusuntha, ndipo ndikadzaona kuti zikulowera kumeneko ndidzakuuzani tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya ndalama palibe chosintha. Mtengo udakali K1,800,000 womwe tidagwirizana, kuphatikizapo K250,000 ya tsamba la boti. Kukonza vuto ndafotokoza lija kuli kwa ine, simulipira kanthu. K775,000 yomaliza, yomwe imayenera kuperekedwa pa 1 Seputembala, mudzapereke pa 29, mutaona ndi maso anu kuti mlendo walipira ndipo ndalama yafika ku akaunti yanu. Miyezi itatu yokonza zovuta kwaulere idzayambanso kuwerengedwa pa 29, osati pa 1.

Kuwonjezera pa mapepala aja, ndikupempha zinthu zina zochepa. Zithunzi za zipinda zitatu za kumtunda zidafika zosaoneka bwino chifukwa WhatsApp imazifinya ikamatumiza. Chonde muzitumizenso posankha Document m'malo mwa Gallery, zidzafika momwe zidajambulidwira. Kuzichepetsa kuti zisadye bandulo ya alendo ndidzachita ndine kuno. Ngati n'kotheka zijambulidwe m'mawa makatani atatsegulidwa. Ndikufunanso mundilembere lamulo lanu la kubweza ndalama munthu akasintha maganizo: masiku angati asanafike, ndipo mumabweza zingati. Mudandiuza pakamwa kuti mumaona malinga ndi munthu wake, ndipo pamaso n'pamaso zimenezo zimatheka, koma munthu wolipira ali ku Blantyre kapena kunja kwa dziko amafuna kuwerenga asanatulutse ndalama. Mizere itatu kapena inayi ikwanira.

Chomaliza, popeza webusaitiyi izisunga mayina, manambala a foni ndi maimelo a alendo, lamulo loteteza uthenga wa anthu lomwe lidakhazikitsidwa mu 2024 likutikhudza. Ndalemba katsamba kofotokozera alendo zomwe timasunga ndi chifukwa chake, ndipo ndikutumizirani mawa kuti muwerenge. Manambala a makadi a kubanki sitisunga konse, amathera ku kampani ya malipiro. Mundiuzenso mayina a antchito awiri omwe azidzalowa mu webusaiti, kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake m'malo mogawana yanu.

Kuyambira sabata ino ndizikutumizirani uthenga waufupi Lachisanu lililonse madzulo wonena zomwe zatha ndi zomwe zatsala. Ngati mungapeze mpata Lachitatu lino cha m'ma 10 koloko m'mawa, alendo atatha kudya, ndikuimbirani kuti timve maganizo anu pa za 1 Seputembala. Ikakhala nthawi yosayenera, nenani ina, ine ndidzasintha.

Zikomo chifukwa cha kuleza mtima kwanu ndi chikhulupiriro chomwe mudaika mwa ine pondipatsa ntchitoyi. Mundiperekere moni kwa bambo ndi onse kulojiko.

Ine wanu,

Chikondi