Kalata yosiya ntchito yomasulira timabuku ta ulimi wa kachewere ndi kuitanitsa malipiro

Ulongwe, Angoniya
9 Juni 2025

Kwa Bambo Wapampando wa bungwe la alimi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a mu komiti. Ndalemba kuti ndikudziwitseni kuti kuyambira lero ndasiya ntchito yomasulira timabuku tanu kuchokera m'Chipwitikizi kupita m'Chichewa, komanso kupempha mametikali 15,200 a ntchito imene ndagwira kale.

Pa 3 Malichi tinasainirana pepala mu ofesi yanu, alembi anu ali pomwepo. Pepalalo likunena kuti ndimasulire timabuku titatu: koyamba ka kasankhidwe ndi kasungidwe ka mbewu ka masamba 20, kachiwiri ka matenda ndi tizirombo ka masamba 16, kachitatu ka kukolola ndi kugulitsa ka masamba 24. Onse pamodzi masamba 60, pa mametikali 500 tsamba limodzi, zomwe ndi 30,000. Likunenanso kuti kabuku kalikonse ndidzakakonza kamodzi kokha mukakawerenga, ndipo mudzalipira pasanathe masiku 15 mutakalandira. Tsiku lomwelo munandipatsa 9,000 ya chikole.

Kabuku koyamba ndinapereka pa 28 Malichi, kachiwiri pa 25 Epulo. Tonse tiwiri munativomera. Uthenga wa alembi anu wonena kuti "talandira, zili bwino" ndikadali nawo mu foni. Chipatsireni chikole chija, palibe ndalama ina imene yandipeza.

Zinayamba kusokonekera m'mwezi wa Epulo. Alangizi anu atasintha mawu a m'Chipwitikizi a kabuku koyamba, munanditumizira masamba 8 kuti ndimasulirenso. Kumeneko sikunali kukonza zolakwa zanga, inali ntchito yatsopano, koma ndinagwira osanena kanthu za mtengo. Ndikuvomera kuti pamenepo ndinalakwitsa ndine, ndipo masamba amenewo sindikuwerengera.

Kenaka panabwera nkhani ya kalembedwe. Tinagwirizana poyamba kuti tilembe ndi "ch", monga akuluakulu ambiri kuno anazolowera powerenga Baibulo, mabuku a nyimbo ndi mapepala obwera kudzera ku Dedza. Timabuku tiwiri titatha, munati amene akukuthandizani ndi ndalama akufuna kalembedwe ka Chinyanja ka m'masukulu a kuno ku Mozambiki, kolemba "c" pamene ife tinalemba "ch". Alembi anu ankati ndi ntchito ya mphindi zisanu pa kompyuta. Si choncho, bambo. Kalembedwe sikasiyana pa chilembo chimodzi chokha, ndipo m'timabukumo muli mayina a mankhwala ndi mawu ena a Chipwitikizi amene makina angawaononge mukawauza kuti asinthe paliponse. Munthu ayenera kuwerenga mzere ndi mzere masamba 36 onse. Pa kabuku konena za kupopera chiwawu, pamene mlimi adzayeze mankhwala potsatira zimene talemba, ine sindingalole kuti dzina la mankhwala lipotoke chifukwa chothamanga. Ndinati ndichita pa mametikali 150 tsamba limodzi. Munakana.

Pa 14 Meyi ndinapita ku Domwe kukawerengera alimi kabuku kachiwiri kuti tione ngati akumva. Ulendowo mulibe m'pepala lathu, koma ndinapita chifukwa alembi anu analonjeza pa uthenga kuti adzandibwezera za chapa, chakudya ndi pogona, zomwe zinakwana 1,200. Sindidandaula kuti ndinapita. Amayi ena kumeneko ndi amene anandikonza kuti mawu amene ndinaika onena za mphukira za mbewu sawagwiritsa ntchito kwawoko, ndipo ndinasintha. Komanso kumeneko ndi kumene ndinaona kabuku koyamba katasindikizidwa kale, kali m'manja mwa alimi, pamene ine ndinali kuuzidwa kuti malipiro akuyembekeza kuti ntchito ivomerezedwe.

Chimene chandifikitsa apa ndi msonkhano wa pa 2 Juni. Munandiuza kuti palibe ndalama ituluke kufikira nditasintha kalembedwe ka timabuku tonse, nditajambula mawu a timabuku titatu kuti aziulutsidwa pa wailesi, nditapita ku Tsangano kawiri, ndiponso nditapeza munthu womasulira m'Chinyungwe ndi kumulipira kuchokera pa 30,000 yomwe ija. Munati zonsezi zili m'kati mwa mawu akuti "kumasulira". Ndawerenga pepala lathu kangapo, za wailesi, za maulendo kapena za Chinyungwe mulibemo. Lamulo la dziko lino, pa ndime 406 ya Kodigo Sivili, limanena kuti pangano liyenera kutsatidwa monga lilili, ndipo kulisintha kumafuna kuti mbali zonse ziwiri zivomere. Ine sindinavomere. Pa 4 Juni ndinakulemberani mitengo ya ntchito zowonjezerazo, ndipo yankho linali lakuti bajeti inatsekedwa. Ndikumvetsa kuti ndalama za bungwe zili ndi eni ake amene amafuna malipoti. Koma ngati bajeti ndi ya masamba 60, ntchitonso ikhale ya masamba 60. Ndipo popeza masiku 15 olipirira timabuku tiwiri tija anadutsa kalekale, sindingapitirize kugwira pa ngongole.

Chiwerengero chili motere. Kabuku koyamba, masamba 20, ndi 10,000. Kachiwiri, masamba 16, ndi 8,000. Pa kachitatu ndamaliza masamba 10 oyambirira, omwe ndi 5,000. Zonse ndi 23,000. Kuchotsapo chikole cha 9,000 patsala 14,000, kuphatikizapo 1,200 ya ulendo wa ku Domwe zikukwana 15,200. Masamba 14 otsala, a 7,000, sindikuitanitsa chifukwa sindinawagwire. Fatura yokhala ndi nambala yanga ya msonkho ya NUIT ndaiphatikiza ku kalatayi, pamodzi ndi kope la pepala la pa 3 Malichi ndi zithunzi za mauthenga amene ndatchula.

Ndikupempha kuti ndalamayi ifike pasanadutse pa 30 Juni, pa M-Pesa, pa nambala yomwe ija munatumizirapo chikole. Ngati simungathe zonse pakamodzi, ndilola 8,000 pofika pa 20 Juni ndi 7,200 pofika pa 30 Juni, bola mundilembere kuti mwavomera. Ndalama ikangokwana ndidzakutumizirani masamba 10 a kabuku kachitatu, mafayilo otheka kusintha a timabuku tonse, ndi mndandanda wa mawu a ulimi amene ndinasankha, kuti amene adzapitirize asadzalembe "chiwawu" pa tsamba lina ndi mawu ena pa tsamba lotsatira. Kabuku kamene kali kale m'manja mwa alimi sindikunena kuti mukalande, kasiyeni kagwire ntchito yake. Koma kachiwiri musakasindikize musanalipire.

Tsikulo likadutsa popanda ndalama kapena yankho lolembedwa, ndidzapita ku ofesi ya IPAJ kukafunsa thandizo la zamalamulo, ndipo zikavuta nkhaniyi idzafika ku khoti la boma la Angoniya. Sindikufuna kuti tifike kumeneko, poti timakumana ku tchalitchi ndi ku maliro, ndipo achimwene anga amagula mbewu kwa mamembala anu. Ngati pali nambala imene mukuona kuti ndalakwitsa, ndiimbireni sabata ino, ndibwera ku ofesi ndi mapepala anga tikawerengere limodzi pamaso pa asungichuma anu.

Kope la kalatayi ndapereka kwa alembi ndi kwa asungichuma. Chonde sainani pa kope langa kusonyeza kuti mwalandira.

Ine wanu,
Womasulira wa timabuku ta kachewere