Kalata Yopempha Dongosolo la Chakudya cha Masana

Kwa a Mphunzitsi Wamkulu,

Ndine mayi wake wa Chisomo, mtsikana wa zaka 8 wa m'kalasi yachitatu. Madokotala anamupeza ndi matenda a siliyaki. Akadya guluteni, yemwe amapezeka mu tirigu, balere ndi rayi, chitetezo cha thupi lake chimawononga matumbo aang'ono, moti zakudya sizimupindulira. Mankhwala ake palibe, koma kusala guluteni moyo wonse.

Choncho buledi, mabisiketi, makeke ndi msuzi wothiramo fulawa wa tirigu sayenera kuzilawa n'komwe. Mpunga, chimanga, mbatata, nyemba, mazira, nyama, masamba ndi zipatso amadya bwinobwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zinyenyeswa. Mpeni umene wadula buledi, kapena supuni imene yatakasa mphika wina, n'zokwanira kumudwalitsa: mimba imatupa, amatsegula m'mimba, n'kufooka masiku angapo. Nthawi zina sadandaula kalikonse, komabe m'kati matumbo akuvulala.

Pempho langa ndi lakuti azibwera ndi chakudya chakechake m'kontena yolembedwa dzina lake, ndipo chizisungidwa chovundikira. Patebulo pazipukutidwa asanakhale, anzake azisamba m'manja ndipo asamasinthane naye zakudya. Koma chonde musamukhazike payekha. Ndi mwana wamanyazi kale, adye pamodzi ndi anzake. Kukakhala chikondwerero m'kalasi, mundiuziretu kuti ndimukonzere zake.

Kalata ya dokotala ndaiphatikiza. Ndingakondwe kukumana ndi aphunzitsi ake komanso ophika Lachinayi likubwerali, ana akaweruka.

Ine wanu,
Mayi a Chisomo